Zikomo za dzulo: imelo yaifupi yolemba ukachoka ku intavyu ya intenishipu

Mwana wa mchemwali wanga anandiimbira foni Lachiwiri lina chakumadzulo, ali m'minibasi yochoka m'tauni ya Lilongwe kubwerera ku Bunda komwe amaphunzira. Mawu ake anali ofooka. "Amalume, intavyu ija ndachita, koma funso limodzi ndalilakwitsa. Zanga zada." Anali m'chaka chachitatu, akufuna malo a intenishipu, amene ena amati atachimenti, ku bungwe lina lothandiza alimi a mtedza ndi soya. Ndinamufunsa ngati walemba kale imelo yothokoza anthu amene anamufunsa mafunso. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti anathokoza kale potuluka m'chipindamo, ndiye sakuona chifukwa chothokozeranso.

Ndinamukumbutsa zomwe agogo ake amachita kumudzi. Munthu akakuthandiza kukolola, umamuthokoza tsiku lomwelo, koma mawa lake mukakumana pamjigo umanenanso kuti, "Zikomo za dzulo." Aliyense amamva kuti mawu amenewa akusonyeza kuti unagona ukuganizira zomwe mnzako anakuchitira, ndipo palibe amene amawayesa kupempha. Imelo yothokoza ukachoka ku intavyu ndi yofanana ndi mawu amenewa, kungoti iyo ili ndi ntchito inanso. Imakumbutsa anthu amene anakufunsa chinthu chimodzi chomwe iwo akufuna ndipo iwe ungathe kuchita.

Ndakhalapo kangapo mbali ya ofunsa mafunso, ndipo ndikudziwa mmene mutu umakhalira ikamakwana 4 koloko. Mwaona achinyamata asanu ndi atatu kuyambira m'mawa, onse ovala bwino, onse a sukulu zofananafanana, onse onena kuti ndi olimbikira ntchito. Pa intenishipu vutoli limakula, chifukwa palibe amene ali ndi zaka zambiri pa ntchito zoti zimusiyanitse ndi anzake. Mawa lake mukamakambirana, mayina amasokonekera, ndipo anthu amakumbukiridwa ndi tizinthu: "uja ananena za mafomu", "uja anafika mochedwa". Imelo yolembedwa bwino ikafika m'mawa umenewo, imalumikiza dzina ndi nkhope komanso ndi ntchito imene ili patebulo.

Musanafike kunyumba

Ndinauza mtsikanayo kuti asadikire kufika ku hositelo. Ali m'minibasi momwemo atsegule foni n'kulemba zinthu zitatu mutu usanazizire: mayina ndi maudindo a amene anamufunsa, vuto lililonse la ntchito yawo lomwe iwo eni analitchula, ndi funso lomwe sanaliyankhe bwino. Zimenezi zimathawa msanga. Pakapita maola awiri umangokumbukira kuti unachita mantha, koma mawu enieni amene mkulu wa nthambi ananena atayika kale.

Chachiwiricho ndi chimene chimapanga imelo yonse. Pafupifupi pa intavyu iliyonse, wina mwa ofunsa amadandaula za ntchito yake, mwina osazindikira n'komwe. Amatha kunena kuti malipoti amachedwa, kuti tsamba lawo la pa intaneti lakhala miyezi osalembapo kanthu, kapena kuti katundu wa m'sitolo sagwirizana ndi zolembedwa m'buku. Ofunsidwa ambiri amamva mawu amenewa ngati nkhani yongodutsa, chifukwa maganizo awo ali pa funso lotsatira. Komatu pamenepo mpamene akukuuzani chifukwa chenicheni chomwe akufunira munthu wa intenishipu. Zolembedwa pa chilengezo cha ntchito nthawi zambiri zimakhala zachizolowezi, zokopera chaka ndi chaka, pomwe dandaulo la pakamwa ndi limene likumusowetsa tulo munthuyo mwezi uno. Ngati palibe amene wadandaula, mpata umapezeka kumapeto akamati, "Muli ndi funso?" Pamenepo funsani kuti munthu amene atengedwe adzayamba ndi ntchito iti m'mwezi woyamba, ndipo yankho lake mulisunge.

Kwa mwana wa mchemwali wangayu, dandaulo linachokera kwa mayi amene amayang'anira kaundula wa alimi. Iwo anati alangizi amabweretsa mafomu a mapepala ochokera ku makalabu a ku Mchinji, ndipo zimatenga milungu itatu kuti onse alowe m'kompyuta. Akalowa, alimi ena amapezeka kawiri, chifukwa mlangizi wina walemba dzina mwanjira ina, winanso mwanjira ina. Pogawa mbewu, zimenezi zimabweretsa mkangano. Atanena izi ndi pamene anamufunsa kuti iye angapeze bwanji mlimi wolembedwa kawiri. Mtsikanayo anayankha mofulumira kuti angagwiritse ntchito Remove Duplicates mu Excel. Mayi aja anangogwedeza mutu n'kulemba kenakake. Ali m'minibasi ndi pamene anazindikira kuti chida chimenechi chimachotsa mizere yofanana ndendende, ndiye dzina likasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, sichiliona.

Imelo yoyamba imene analemba

Usiku womwewo ananditumizira zimene analemba kuti ndione. Inali ndi ndime zinayi zazitali. Inayamba ndi kuthokoza "bwana" chifukwa cha mwayi waukulu wosayembekezeka, kenako n'kunena kuti iye ndi wolimbikira, wokhulupirika, wofulumira kuphunzira ndiponso wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Ndime yachitatu inabwereza zonse za mu sivi yake, kuyambira mapointi a MSCE. Yomaliza inapempha kuti amuganizire chifukwa kunyumba zinthu sizili bwino ndipo makolo akuyang'ana kwa iye.

Ndinamva chisoni poiwerenga, chifukwa zonse zinali zoona. Koma ndinamuuza kuti asaitumize. Ndinamupempha kuti aphimbe dzina la bungwelo ndi chala, n'kudzifunsa ngati imeloyo ingatumizidwe ku banki, ku wayilesi kapena ku kampani ya fodya popanda kusintha liwu lina lililonse. Anavomera kuti ingatheke. Imelo yotere ili ngati chitenje chogawidwa pamsonkhano, chimene aliyense angavale, ndipo wolandira amadziwa kuti sichinasokedwe poganizira iye.

Mawu oti "wolimbikira" ndi "wokhulupirika" alibe cholakwika, kungoti onse asanu ndi atatu aja anawanena, ndipo palibe njira yowatsimikizira pa foni. Ndime ya mavuto a kunyumba ndi imene ndimaidandaula kwambiri, chifukwa timaiona kawirikawiri kuno kwathu, ndipo imachokera mu mtima woona. Wowerenga akhoza kumva chisoni ndithu, koma sangapite kwa akuluakulu ake n'kunena kuti tatenga uyu chifukwa ndi wovutika. Ayenera kulemba chifukwa chokhudza ntchito. Mukamupatsa chisoni chokha, mwamusenzetsa katundu amene alibe pomutula. Mukamupatsa chifukwa cha ntchito, mwamupatsa mawu oti akakuyankhulireni inu kulibe.

Imelo yachiwiri

Tinakambirana pa foni mphindi zingapo, ndipo ndinamufunsa funso limodzi lokha: pa zonse zimene wachitapo ndi manja ako, n'chiti chimene chikufanana ndi vuto la mafomu a ku Mchinji? Poyamba anati palibe, poti sanagwirepo ntchito. Kenako anakumbukira kuti m'chaka chachiwiri gulu lawo linachita kafukufuku m'midzi yozungulira sukulu, ndipo iye ndi amene anakonza mafunso pa KoboToolbox, chida chimene chimalola munthu kulemba mayankho pa foni ngakhale kulibe netiweki, n'kuwatumiza akaipeza. Anafunsa mabanja 120, ndipo iye yemweyo anakhala masiku angapo akukonza zolakwika m'zotsatirazo. Pa intavyu sanazitchule, chifukwa ankaona ngati ntchito ya m'kalasi si ntchito.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadzibera okha. Amene akufuna munthu wa intenishipu amadziwa kuti simunalembedwepo ntchito. Chimene akufuna kuona n'chakuti manja anu anakhudzapo chinthu chofanana ndi chawo. Kusunga buku la ndalama za kwaya, kuyendetsa tsamba la bungwe la ophunzira, kuthandiza pa shopu ya azakhali nthawi ya holide, kukonza mawaya a magetsi pa pulojekiti ya kusukulu ya ntchito zamanja, zonsezi ndi umboni, bola muzitchule ndi dzina lake ndi kukula kwake.

Imelo imene anatumiza inali m'Chingelezi, poti intavyu inachitika m'Chingelezi, ndipo lamulo lake ndi lomwelo: lembani m'chinenero chimene anakufunsirani. Pano ndaiika m'Chichewa kuti tione mmene inamangidwira, ndipo dzina la mayi aja ndalibisa.

"Mayi Uje,

"Zikomo chifukwa cha nthawi imene munandipatsa dzulo pa intavyu ya intenishipu ya ku nthambi ya kaundula wa alimi. Ndakhala ndikuganizira zimene munafotokoza, zoti mafomu a makalabu a ku Mchinji amatenga milungu itatu kuti alowe m'kompyuta ndiponso kuti alimi ena amapezeka kawiri. Chaka chatha, pa kafukufuku wa kusukulu, ndinakonza fomu ya KoboToolbox imene tinafunsira mabanja 120, ndipo ndine ndinakonza zolakwika m'zotsatira zake mu Excel. Ntchito yotereyi ndingakonde kuthandiza nayo pa nthambi yanu.

"Pa funso la alimi olembedwa kawiri, yankho langa linali loperewera. Popeza mayina amalembedwa mosiyana, ndikanayamba ndi kufananitsa nambala ya chiphaso cha unzika kapena ya foni, kenako n'kuona ndi maso mayina ofananirako a m'mudzi umodzi.

"Ndikhoza kuyamba sabata yoyamba ya holide monga tinakambirana. Zikomo kwambiri."

Pansi pake anaika dzina lake lonse ndi nambala ya foni, basi. Yonseyo ikungopitirira pang'ono mawu 100, ndipo imakwana pa foni munthu atangotsitsa chala kamodzi. Kufupika kumeneku n'kofunika chifukwa ambiri amawerenga maimelo ali pakati pa ntchito zina, mwina akudikira kuti msonkhano uyambe. Ikadutsa mawu 150, yambani kudula, ndipo choyamba kuchoka chikhale chilichonse chimene chili kale mu sivi.

Chiganizo choyamba chikuthokoza, koma chikugwiranso ntchito ina yosaonekera: chikutchula tsiku ndi malo amene akufunsira. Bungwe likhoza kukhala likufunsa anthu a nthambi zitatu sabata imodzi, ndiye wowerenga asavutike kuganiza kuti kodi uyu ndi uti. Chiganizo chachiwiri chikubweza mawu a mayi aja kwa eni ake, ndi manambala awo omwe, milungu itatu ndi Mchinji. Munthu aliyense amakondwa akaona kuti anamvedwa, ndipo pa intenishipu kumva ndi theka la ntchito, chifukwa amene adzakuyang'anireni akufuna munthu woti akamuuza kamodzi asabwerezenso. Chachitatu ndi chimene chikunena kuti iye ndi woyenera malowa, ngakhale liwu loti "woyenera" mulibemo. Chaika vuto lawo pambali pa ntchito imene iye anachitapo, n'kusiya wowerenga kuti aone yekha kufanana kwake.

Onaninso kuti anasankha chinthu chimodzi. Akanatha kuwonjezera kuti amadziwa kuyendetsa njinga yamoto, kuti anakhoza bwino phunziro la zachuma, kuti amalankhula bwino pagulu. Zonsezo zikanaphimba mfundo ya mafomu. Pa zokambirana za mawa lake munthu amakumbukiridwa ndi chinthu chimodzi, ndiye ndi bwino chinthucho musankhe nokha.

Kukonza yankho lolakwika

Ndime yachiwiri ija tinakangana nayo pang'ono. Iye ankaopa kuti kutchula cholakwa n'kuwakumbutsa chinthu chimene mwina aiwala. Ndinamuuza kuti mayi amene amakhala ndi vuto limeneli tsiku ndi tsiku sangaiwale yankho loperewera pa nkhani yomweyo. Analiona, ndipo analilemba. Chimene sanathe kuona ndi chakuti mtsikanayu anakaliganiziranso yekha n'kupeza pomwe panaperewera. Kwa munthu wobwera kudzaphunzira ntchito, khalidwe limeneli ndi lamtengo kuposa kudziwa yankho poyamba pomwe.

Komabe pali malire ake. Konzani yankho limodzi lokha, m'ziganizo ziwiri, ndipo likhale la funso lokhudza ntchito yeniyeniyo. Musapepese katatu, musafotokoze kuti munali ndi mantha kapena kuti simunagone bwino. Nenani kuti yankho linali loperewera, perekani lolondola, n'kupitirira. Ndipo lolondolalo mulitsimikize kaye. Mtsikanayu asanatumize, anatsegula faili yake yakale ya kafukufuku n'kuyesa njirayo, poika fomula iyi pambali pa danga la manambala a foni:

```
=COUNTIF(C:C,C2)>1
```

Paliponse pamene panatuluka TRUE panali nambala yopezeka kangapo. Poyesa pomwepo anaonanso kuti mabanja ena amagwiritsa ntchito foni imodzi, ndiye nambala ya foni yokha singakwanire. N'chifukwa chake mu imelo anatchula kaye chiphaso cha unzika, chimene Amalawi ambiri ali nacho kuchokera pa kalembera wa 2017, komanso kuona mayina ndi maso. Fomulayo sanaiike mu imelo. Imelo yothokoza si malo ophunzitsira anthu ntchito yawo, ndipo wophunzira amene akulemba ngati wabwera kudzakonza bungwe lonse amatopetsa asanafike n'komwe. Mawu oti "ndikanayamba ndi" akusiya mpata woti iwo akudziwa zambiri kuposa iye, zomwe ndi zoona.

Ngati munayankha bwino mafunso onse, ndimeyi isakhalepo. Musachite kufunafuna cholakwa kuti muoneke odzichepetsa.

Kwa ndani, liti, ndipo mutu wake ukhale wotani

Tumizani pasanathe maola 24. Chifukwa chake n'chakuti malo a intenishipu sachedwa kugamulidwa, nthawi zina mawa lake lomwe, ndipo imelo yofika chigamulo chitapangidwa imangokhala ulemu chabe. Koma musatumizenso muli pageti, mtima ukadali kugunda, chifukwa mudzalemba zosaganizira. Intavyu ikakhala m'mawa, tumizani chakumadzulo asanaweruke. Ikakhala masana, lembani usiku n'kuitumiza mawa cha m'ma 8 koloko. Pa Gmail pali Schedule send, imene imakulolani kulemba usiku n'kusankha ola loti imelo ipite yokha, ndipo imapita ngakhale nthawi imeneyo foni yanu itazima kapena bandulo itatha. Intavyu ya Lachisanu masana, ndi bwino kuyesetsa kuti imelo ifike tsiku lomwelo, apo ayi Lolemba m'mawa kwambiri.

Njira yosavuta yodziwira kotumiza ndi kutsegula imelo imene anakuitanirani ku intavyu n'kudina Reply. Mukatero uthenga wanu umakhala pansi pa wawo, wolandira amaona msanga kuti ndinu ndani, ndipo si kawirikawiri kuti yankho lotere ligwere mu Spam. Samalani ndi Reply All. Maofesi ena amaitana anthu onse ofunsidwa pa imelo imodzi, ndipo mukadina pamenepo, mawu anu onse, ndi yankho munalakwitsa lija, afika kwa anzanu amene mukupikisana nawo. Yang'anani pa To ndi pa Cc musanadine Send. Chala chikaterereka, Gmail imaonetsa mawu oti Undo kwa masekondi ochepa, ndipo pa kompyuta mungathe kuikonza kuti nthawiyo ifike masekondi 30.

Nthawi zambiri amene anakuitanani ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, pomwe amene anadandaula za mafomu ndi wina. Ngati munthu winayo anakupatsani khadi lake kapena adiresi yake inali pa imelo yokuitanani, mulembereni iyeyo mwachindunji, ndipo mutu wake ukhale wachidule, wonena chimene chili mkati, mwachitsanzo:

```
Thank you - data internship interview, Tuesday
```

Ngati adiresi yake mulibe, lemberani amene anakuitananiyo n'kumupempha kuti akuperekereni uthengawo kwa a gulu lofunsa, mukuwatchula mayina. Musapite kukasaka nambala ya munthu kwa achibale kapena kumulembera pa Facebook. Zimenezo zimaoneka ngati mukumulondalonda. Chimodzimodzi WhatsApp: igwiritseni ntchito pokhapokha ngati iwo ndi amene anakuitanirani pamenepo, ndipo mulembe ngati imelo, ndi moni ndi dzina lanu lonse, osajambula mawu, osaika tizithunzi ta manja opemphera. Ofunsa akakhala atatu ndipo muli ndi maadiresi onse, imelo imodzi yowatchula onse ndi yokwanira. Kutumiza mawu ofanana kwa aliyense payekha kumaululika, chifukwa anthuwa amakhala ofesi imodzi ndipo amaonetsana.

Dzina la munthu ndi pamene pamagwera ambiri. Mungalembe imelo yabwino bwanji, mukalakwitsa dzina kapena kuitana mayi kuti bambo, wowerenga amayamba ndi kukhumudwa. Fananitsani ndi mmene lalembedwera pa imelo yawo kapena pa tsamba la bungwelo. Ngati anadzitchula kuti ndi dokotala kapena pulofesa, ulemu umenewo muusunge. Yang'ananinso adiresi yanu. Imene munatsegula muli Fomu 2, ya dzina lachibwana, isiyeni, ndipo gwiritsani ntchito imene ili pa sivi, ya dzina lanu lenileni. Pomaliza werengani mokweza musanatumize, chifukwa foni imakonda kusintha yokha mawu amene sikuwadziwa, makamaka mayina a anthu ndi a malo.

Mtsikanayu ankafuna kuphatikiza faili ya kafukufuku uja ngati umboni. Ndinamuletsa, chifukwa munali mayina ndi manambala a foni a anthu a m'midzi amene anayankha pokhulupirira kuti zawo zisungidwa. Bungwe losunga kaundula wa alimi likanaona msanga kuti munthu ameneyu sasamala zinsinsi za anthu. Phatikizani chinthu pokhapokha ngati anakupemphani pa intavyu, monga kalata ya kusukulu kapena chitsanzo cha zimene munalembapo, ndipo failiyo ikhale PDF ya dzina lomveka.

Pamene imelo singathandize

Sindikufuna kuti wina aganize kuti imelo imeneyi ndi mankhwala a ntchito. M'maofesi a boma ndi m'mabungwe akuluakulu, ofunsa amapereka malikisi pa funso lililonse ali patebulo pomwepo, n'kusainira mapepala tsiku lomwelo. Kumeneko imelo singasinthe kanthu, ndipo yankho lokonzedwa pambuyo sangaliwerengere, poti kukanakhala kukondera. Zilengezo zina za ntchito zimachenjezanso kuti aliyense woyesa kunyengerera ofunsa adzachotsedwa pa mndandanda. Mukaona chenjezo lotere, kapena akakuuzani kuti zonse zizidzera ku ofesi imodzi, lembani ziganizo ziwiri zothokoza ku ofesi imeneyo basi, osalembera munthu payekha. Kumene imelo imagwira ntchito kwambiri ndi kumakampani ndi mabungwe ang'onoang'ono, kumene amene anakufunsani ndi amenenso adzakuyang'anireni, ndipo akusinkhasinkha pakati pa anthu awiri kapena atatu ofanana mphamvu.

Palinso mzere wina umene suyenera kudumphidwa. Mu imelo yothokoza musatchule kuti ndinu mphwake wa uje, kuti mumapemphera mpingo umodzi, kapena kuti "simudzaiwala" amene angakuthandizeni. Mwina inu mukunena mwaulemu, koma pa imelo ya ofesi mawu otere amamveka ngati lonjezo la kenakake, ndipo munthu woona mtima amayamba kukuopani. Nkhani ya ndalama ya thiransipoti kapena kangachepe ka pamwezi nayonso idikire mpaka atakuuzani kuti akutengani.

Mukatumiza, mwina sadzayankha, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mwakanidwa. Ambiri amawerenga n'kusunga mumtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati anati adzakuuzani pakatha milungu iwiri, dikirani milungu iwiriyo ithe, muwonjezere masiku awiri kapena atatu, kenako mulembe kamodzi pansi pa imelo yomwe ija kufunsa mwaulemu ngati chigamulo chapangidwa. Kufulasha kapena kuimba tsiku ndi tsiku kumafufuta zabwino zonse zimene imelo yoyamba inachita.

Mwana wa mchemwali wanga analandira yankho la mzere umodzi, loti uthenga wafika ndipo amudziwitsa. Patatha masiku khumi anamuimbira kuti akayambe. Chimene ndikufuna owerenga asunge pa nkhani yake chinachitika tsiku loyamba pa ntchito. Mayi aja anamulandira, n'kumuonetsa tebulo, kenako n'kumubweretsera katoni ya mafomu. "Munalemba kuti izi mumazidziwa," anatero. Chilichonse chimene mwalemba mu imelo yothokoza adzachitenga ngati lonjezo, choncho musalembemo luso limene mulibe, ndipo musakulitse nambala. Iye analemba mabanja 120 chifukwa analidi 120, ndipo sabata yake yoyamba yonse inathera pa mafomu a ku Mchinji.